Mukafufuta mawu obwereka, kalata yanu imatsala ndi chiyani?

Imelo imene inandiphunzitsa nkhaniyi ndinaisunga, ndipo ndimachita nayobe manyazi. Ndinkafuna kalata yotsimikiza kuti ndinagwirapo ntchito pamalo ena, chifukwa kumene ndinali nditapeza ntchito yatsopano ankaifuna pofika Lachisanu pa 14 Okutobala. Ndinakhala pansi pafupifupi ola lathunthu n'kulemba izi:

"I hope this email finds you well. I would like to take this opportunity to humbly bring to your esteemed attention the issue pertaining to the aforementioned document, which is yet to be availed to me. It goes without saying that time is of the essence. I would therefore be most grateful if your good office could kindly do the needful at your earliest convenience and revert. Your usual cooperation will be highly appreciated."

Nditaiwerenganso ndinadzigomera ndekha. Panadutsa masiku asanu ndi limodzi kuli zii, kenako yankho linabwera la mzere umodzi, kufunsa kuti ndikufuna chikalata chiti ndipo ndikuchifuna liti. Ndinakwiya, koma nditabwerera ku imelo yanga ndinapeza kuti munthuyo sanalakwe. M'mawu 74 aja munalibe dzina la chikalatacho, munalibe tsiku, munalibenso chimene ndinkafuna kuti iye achite. Mwa mawu onsewo, ochokera m'mutu mwanga sankakwana n'komwe khumi. Enawo ndinangowatola m'makalata a anthu ena amene ndinawerengapo. Chikomekome cha nkuyu, m'kati muli nyerere.

Vutoli silitha ndi kulidziwa kamodzi. Limabwerera nthawi iliyonse imene mukulembera munthu amene mumamuopa, kapena pamene mukupempha chinthu chimene mukuchita nacho manyazi. Ndiye m'pofunika kukhala ndi njira yolizindikira ndi yolikonza, osangodalira kuti mawa mudzalemba bwino.

Mmene mungadziwire kuti mwagwidwa

Chizindikiro choyamba chimachokera kwa amene mwamulembera. Akakuyankhani ndi funso limene mumayesa kuti kalata yanu inayankha kale, kapena akakuimbirani foni kuti mufotokoze pakamwa zimene munalemba, dziwani kuti china chake chinabisika m'mawu. Anthu ambiri sanena kuti sanamve. Amangoika kalatayo pambali kuti adzaione akapeza mpata, ndipo mpatawo supezeka.

Chizindikiro chachiwiri mungachione nokha musanatumize. Tengani chiganizo chilichonse n'kudzifunsa kuti, kodi chiganizo chimenechi ndingachichotse muno n'kuchiika m'kalata ina yokamba nkhani ina osasintha liwu ngakhale limodzi? Ngati yankho ndi inde, chiganizocho si chanu ndipo sichikunena kanthu za nkhani yanu. Ziganizo zonse zisanu za imelo yanga zikanalowa bwinobwino m'kalata yodandaula za malipiro, yopempha tchuthi, ngakhale yofunsa za katundu wosowa.

Pali chachitatu chimene mwini kulemba sachiona kawirikawiri koma wowerenga amachiona msanga, ndicho msoko. Mawu oloweza amakhala osalala chifukwa anawakonza kale ena. Akangotha, pamene mukuyamba kunena zanu, Chingerezi chimasintha mwadzidzidzi: chiganizo chayamba mwaulemerero, chatha ndi mneni wolakwika. Nthawi zina cholakwikacho chimagwera pamsoko penipenipo. Ambiri amaloweza "I look forward to" koma n'kupitiriza ndi "hear from you", pamene pamafunika "hearing from you". Wowerenga akaona zimenezi amadziwa kuti theka loyambalo ndi lobwereka, ndipo zolakwika zazing'ono zimene akanazilumpha m'kalata wamba zimaonekera kwambiri.

Chifukwa chake dzanja limathamangira kumeneko

Ena amati ndi kudzionetsera. Ine sindikuvomereza kwenikweni. Kwa ambiri a ife gwero lake ndi ulemu. M'Chichewa ulemu umakhala m'kati mwa mneni: pakati pa "tumiza" ndi "tumizani", kapena pakati pa "ungandithandize" ndi "mungandithandize", kachilembo kamodzi kapena tiwiri takwanira kuonetsa kuti mukudziwa amene mukulankhula naye. Chingerezi cha masiku ano chili ndi "you" mmodzi yekha, wa mwana ndi wa bwana yemwe. Ndiye munthu ukalemba chiganizo chachidule kwa wamkulu umamva ngati walankhula mwamwano, n'kuyamba kuunjika "humbly", "esteemed" ndi "kindly" kuti akwirire dzenjelo.

Koma Chingerezi chili ndi malo akeake oikamo ulemu, ndipo malowo ndi kapangidwe ka pempho. "Send me the letter" ndi lamulo. "Could you please send me the letter?" ndi pempho laulemu wokwanira kwa munthu wa udindo uliwonse. Kusandutsa lamulo kukhala funso, kuika "could" kapena "would", kuwonjezera "please" mmodzi ndi "thank you" mmodzi kumapeto, basi ulemu wakwana. Zoonjezera pamenepo zimachita zosiyana ndi zimene timafuna. Kwa owerenga ambiri a ku Britain ndi ku America, "kindly" pamaso pa mneni amamveka ngati chenjezo la munthu amene wayamba kutopa nawe, ndipo "your usual cooperation will be highly appreciated" amamveka ngati mawu a mkulu kwa omuyang'anira, osati a munthu wopempha.

Gwero lina ndi mawu a Chingerezi enieniwo. Kuyambira pamene Anomani, anthu ochokera ku France, anagonjetsa England mu 1066, Chingerezi chinalandira mawu ochuluka a Chifalansa ndi Chilatini, moti zinthu zambiri zili ndi mawu awiri: lalifupi la tsiku ndi tsiku, ndi lalitali la m'mabwalo a milandu ndi m'maofesi. Pali "buy" ndi "purchase", "begin" ndi "commence", "help" ndi "assistance", "end" ndi "terminate". Amene anaphunzira Chingerezi m'kalasi anazolowera kutamandidwa akagwiritsa ntchito lalitalilo, ndiye amakula akuganiza kuti lalifupi ndi la ana. Eni chilankhulo saona choncho. Bungwe la Plain English Campaign linayamba ku Britain mu 1979 polimbana ndi mafomu ndi makalata a boma osamveka, ndipo mu 2010 dziko la America linakhazikitsa lamulo lotchedwa Plain Writing Act lolamula nthambi za boma kulembera anthu momveka. Kalembedwe kamene timayesetsa kutsanzira n'kamene eni ake akhala akukachotsa kwa zaka zambiri.

Gwero lachitatu ndi lopweteka pang'ono. Mawu oloweza amatipulumutsa kuti tisanene chinthu chovuta. Ine ndinkachita manyazi kuuza anthu aja kuti ndinapempha kale ndipo sanandiyankhe. "Time is of the essence" anandithandiza kuzemba kutchula tsiku.

Kukonza imelo ija

Choyamba ndinatseka kompyuta. Izi si nthabwala, chifukwa mukamakonza chiganizo chobwereka muli kuchiyang'ana, mumangosintha liwu limodzi lalikulu n'kuikapo lina lalikulu. Ndinatenga pepala n'kuyankha mafunso anayi m'Chichewa, ngati ndikuuza mnzanga: ndikufuna chiyani, ndani achite, pofika liti, ndipo munthuyo ayenera kudziwa chiyani kuti achite zimenezo osandifunsanso. Mayankho ake anali akuti ndikufuna kalata yosainidwa yonena kuti ndinagwira ntchito m'dipatimenti yawo kuyambira Malichi 2019 mpaka Juni 2021, ikufunika pofika Lachisanu pa 14 Okutobala, ndinapempha koyamba pa 26 Seputembala, ndipo akangoijambula n'kuitumiza pa imelo zikwanira. Palibe ngakhale chimodzi mwa zimenezi chimene chinali m'imelo yoyamba.

Apa pali msampha. Zimene mwalemba m'Chichewa ndi mndandanda wa mfundo, si kalata yoti muimasulire liwu ndi liwu. Mukamasulira "ndikupempha nawo" kapena "ndimati ndifunse nawo" mmene zilili, mupeza Chingerezi chachilendo chimene sichili bwino kuposa chobwereka chija. Tengani mfundo iliyonse n'kuipatsa chiganizo chake cha Chingerezi choyamba ndi wochita, kenako mneni, kenako chochitidwa. Pempho likhale loyamba, chifukwa munthu wotanganidwa amawerenga mzere woyamba n'kusankha ngati apitirize. Zinatuluka motere:

"Could you please send me a signed letter confirming that I worked in your department from March 2019 to June 2021? My new employer needs it by Friday 14 October. I first asked for it on 26 September. A scanned copy by email is enough. Thank you for your help."

Mawu 50, ndipo munthu amene sanandionepo akhoza kugwira ntchitoyo osatsegula fayilo ina. Kalatayo inabwera mawa lake masana.

Tiyeni tione bwino zimene zinatayidwa, chifukwa chilichonse chinali ndi vuto lakelake. "Aforementioned" amatanthauza chimene chatchulidwa kale, koma ine ndinali ndisanatchule chikalata chilichonse. Ndi mmene mawu oloweza amachitira: amabwera ndi lonjezo limene kalata yanu sinakwaniritse. "It goes without saying" amati mfundoyo ndi yosafunika kunena, ndiye n'kuinenanso. "At your earliest convenience" ndinkayesa kuti akutanthauza msangamsanga, pamene kwenikweni amapatsa wowerenga ufulu wochita akapeza mpata, ndipo munthuyo anachitadi zomwezo. "Do the needful" ndi "revert" m'tanthauzo la kuyankha ndi ofala m'Chingerezi cha m'maofesi a ku India ndi m'mayiko ena, ndipo kumeneko amamveka. Koma kwa owerenga ena ambiri "revert" ndi kubwerera mmene zinalili kale, ndipo "the needful" amasiyira wowerenga ntchito yoganiza chimene mukufuna. Nanga "availed to me"? M'Chingerezi cha m'madikishonale mneni ameneyu amayenda ngati "avail yourself of", kutanthauza kugwiritsa ntchito mwayi, osati kupatsidwa chinthu. Ndinkafuna kunena "sent" basi.

"I hope this email finds you well" ndilibe naye mlandu waukulu. Ndi moni, ndipo anthu amamulumpha osakhumudwa. Ngati mukufuna moni musiyeni, koma akhale mmodzi, ndipo chiganizo chachiwiri chikhale nkhani.

Kusesa zotsalira

Mukalemba mwatsopano chonchi, zobwereka zina zimalowabe mozemba. Njira yachangu ndi kukhala ndi kamndandanda kanu ka mawu amene mumawakonda, n'kuwafufuza ndi Ctrl+F musanatumize. Osakopera mndandanda wa munthu wina. Tsegulani makalata khumi amene munatumiza posachedwa, muone mawu amene akubwerezedwa m'makalata atatu kapena kuposa. Anga anali asanu ndi awiri okha, koma ankapezeka paliponse.

Pali magulu awiri amene pafupifupi aliyense amawapeza. Loyamba ndi la mawu atatu, anayi kapena asanu ogwira ntchito ya liwu limodzi: "due to the fact that" m'malo mwa "because", "in the event that" m'malo mwa "if", "at this point in time" m'malo mwa "now", "with regard to" m'malo mwa "about". Awa ndi osavuta, mungosintha.

Lachiwiri ndi lovuta kuliona, ndipo ndi limene limalemetsa chiganizo kwambiri: mneni amene wasandutsidwa dzina. Fufuzani mawu othera ndi "-tion" ndi "-ment", muone ngati pafupi pake pali mneni wofooka monga "make", "conduct" kapena "carry out". "We will conduct an investigation into the matter" ndi "We will investigate". "A decision was made" ndi "We decided", ndipo taonani kuti mukabwezeretsa mneni mumakakamizika kutchula amene anachita. Ngati simukudziwa amene anaganiza zimenezo, vuto si Chingerezi, ndiye kafufuzeni kaye.

Za alumikizi akuluakulu monga "moreover", "furthermore" ndi "last but not least" ndingonena pang'ono. Achotseni onse kaye, muwerenge. Pamene mfundo ziwiri zikutsutsanadi, bwezeranipo "but". Pamene ina ndi zotsatira za inzake, ikanipo "so". Pamene palibe chosowa, mlumikiziyo ankangobisa kuti mfundozo zangoyalidwa popanda ubale.

Pomaliza onani kutalika kwa ziganizo. Plain English Campaign imalangiza kuti mukaphatikiza zazitali ndi zazifupi, chiganizo chizikhala ndi mawu pakati pa 15 ndi 20. Si lamulo loti chilichonse chikhale chomwecho. Chiganizo choyamba cha imelo yanga yachiwiri chili ndi mawu 21 ndipo palibe vuto, chifukwa chikunyamula mfundo imodzi. Chachiwiri cha imelo yoyamba chinali ndi 29 ndipo sichinanyamule kanthu. Werengani mokweza. Pamene mpweya wakutherani musanafike pampumiro, kapena pamene mwamva kuti simunganene mawuwo pamaso pa munthuyo osaseka, pamenepo m'pofunika kukonza.

Ngati simukudziwa kuti mawu ena ndi achibadwa kapena ayi

Apa m'pamene wolankhula Chingerezi ngati chilankhulo chachiwiri amavutikira zenizeni. Mwini chilankhulo amamva ndi khutu kuti mawu ena ndi achikale. Ife tinakumana nawo onse papepala limodzi, ndipo onse amaoneka ofanana. Chothandiza kwambiri ndi dikishonale yolembedwera ophunzira Chingerezi, monga za Oxford, Longman kapena Cambridge, zimene zimapezeka pa intaneti. Musathamangire tanthauzo. Yang'anani kachizindikiro kamene kali pafupi ndi liwulo. Mukaona "formal", "old-fashioned" kapena "literary", dzifunseni ngati kalata yanu ikufunadi zimenezo. Kenako werengani ziganizo zachitsanzo kuti muone mawu amene liwulo limayenda nawo, chifukwa zolakwika zambiri za m'Chingerezi chosavuta zimakhala pamenepo: ndi "make a mistake" osati "do a mistake", ndi "discuss the plan" popanda "about".

Chimene muyenera kusamala nacho ndi batani la mawu ofanana, lija lolembedwa Synonyms kapena Thesaurus. Limakupatsani mawu oyandikana tanthauzo koma silikuuzani amene akukwana pamalopo. Ngati liwu simunalionepo m'chiganizo cha munthu wina, musaliyambire m'kalata yofunika. Kubwereza "letter" katatu m'ndime imodzi si tchimo. Kusintha kukhala "document", kenako "correspondence", kumachititsa wowerenga kuyesa kuti mukunena zinthu zitatu.

Pamene kukonzako kwapyola malire

Nditaphunzira zimenezi ndinagwera mbali ina. Kwa miyezi ingapo maimelo anga anali ngati malamulo a msilikali, mpaka mnzanga wa kuntchito anandifunsa mwakachetechete kuti, "Achimwene, kodi takulakwirani chiyani?" Ndinali nditachotsa zokometsera pamodzi ndi ulemu womwe. Chizindikiro chake n'chosavuta kuchiona: ziganizo zambiri zikuyamba ndi mneni wolamula kapena ndi "I need" ndi "I want", ndipo mulibe chifukwa chilichonse chimene mwapereka. Mankhwala ake si kubwerera kwa "humbly". Sandutsani lamulolo likhale funso, ndipo perekani chifukwa m'chiganizo chimodzi. M'imelo yanga yachiwiri, chiganizo chonena kuti abwana atsopano akuifuna pofika Lachisanu ndi chimene chikufewetsa pempho, chifukwa chikuonetsa kuti sindikungowathamangitsa.

Ndiponso si mawu onse okhazikika amene ali oipa. Chilankhulo chilichonse chimayenda ndi timagulu ta mawu tokonzeratu, ndipo kudziwa timeneti ndi mbali ya kuchidziwa bwino. "Thank you for your reply", "I am sorry for the delay", "Yours sincerely", onsewa ndi oloweza, koma aliyense akugwira ntchito imodzi yodziwika ndipo ndi waufupi. Kusiyana kwake n'kwakuti mukachotsa "I am sorry for the delay" kupepesa kwasowa, pamene mukachotsa "I would like to take this opportunity to" palibe chimene chasowa. Momwemonso mawu a ntchito yanu: ngati mgwirizano walembedwa kuti "terminate", kapena fomu ikutchula chikalata ndi dzina lake lalitali, lembani momwemo ndendende, chifukwa pamenepo liwu lalitalilo ndi dzina la chinthu.

Pali malo ena antchito kumene akuluakulu amayembekezerabe kalembedwe kakale, ndipo kalata yachidule ikhoza kukubwererani kuti muikometse. Sindingakuuzeni kuti mukangane nawo. Chimene ndimachita ine ndi kuwasiyira chiyambi ndi mathero mmene amazikondera, koma pakati ndimaikapo ziganizo zanga zitatu kapena zinayi zokhala ndi dzina la chinthu, wochita ndi tsiku, pandime yakeyake kuti diso ligwerepo msanga. Mkulu wina amene ndinagwira naye ntchito ankabwezeretsa "your good office" m'kalata iliyonse imene ndamupatsa kuti asaine, koma ndime yapakatiyo sanaikhudzepo ngakhale kamodzi.